Kupita kusukulu ku UK: ndalama zina zimapita osabwerera, zina zimafunika zikhale phee mu akaunti masiku 28

Munthu akalandira kalata yoti yunivesite ya ku UK yamutenga, nambala yoyamba imene banja lonse limayang'ana ndi ya fizi, ndipo nkhani yonse imazungulira pamenepo, kuti kodi fiziyi tiipeza bwanji. Koma fizi si imene imagwetsa anthu ambiri pomaliza. Chimene chimagwetsa anthu ndi kusadziwa kuti ndalama za ulendowu si mulu umodzi. Pali ndalama zimene mumalipira n'kupita osadzaziwonanso, monga za mayeso a Chingelezi, viza ndi tiketi ya ndege, ndiye pali ndalama zina zambiri kuposa pamenepo zimene simulipira kwa aliyense pa nthawiyo koma zimafunika zioneke mu akaunti, zitakhala phee osakhudzidwa kwa masiku 28. Kwacha imodzi singagwire ntchito ziwirizi nthawi imodzi. Ndikufuna ndifotokoze bwinobwino mmene tinawerengera ife mu 2025 pamene mwana wa alongo anga amapita kukachita masitazi ya chaka chimodzi ku yunivesite ina ya kunja kwa London, chifukwa ndaona mabanja ambiri akugulitsa malo n'kulipira dipoziti kenako n'kuzindikira mochedwa kuti chimene chatsala sichikukwana.

Tiyambe ndi mayeso, poti ndiye ndalama yoyamba kutuluka m'thumba. Ife timaphunzira m'Chingelezi kuyambira ku pulayimale mpaka ku koleji, koma Malawi sali pa mndandanda wa mayiko amene boma la UK limawatenga kuti anthu ake ambiri amalankhula Chingelezi, ndiye umboni umafunika basi. Pa maphunziro a digiri kupita m'mwamba, yunivesite ndi imene imasankha umboni umene ikufuna, ndipo apa ndi pamene munthu angapulumutse ndalama ngati wafunsa msanga. Mayunivesite ena amalandira kalata yochokera ku koleji kwanu yonena kuti digiri yanu munaphunzira m'Chingelezi, ena salandira olo pang'ono amafuna mayeso a Chingelezi otchedwa IELTS. Lembani imelo mufunse musanalipire chilichonse. Ndipo IELTS yakeyo ilipo mitundu, pali Academic, pali General Training, palinso IELTS for UKVI. Amene akupita ku masitazi kawirikawiri amafunika Academic, ndipo munthu akalemba General poganiza kuti ndi chimodzimodzi ndalama ija yapita, ayambirenso. Masitazi ambiri amafuna 6.5 pa zonse pamodzi koma osatsika 6.0 pa gawo lililonse mwa magawo anayi aja, kumvetsera, kuwerenga, kulemba ndi kulankhula, ndiye zimatheka kupeza 7.0 pa zonse koma gawo la kulemba n'kupeza 5.5, ndipo yunivesite imakubwezera. Gawo la kulembali ndi limene limavutitsa anthu athu ambiri, ngakhale amene amalankhula Chingelezi chabwino kwambiri ku ntchito. Zotsatira zake zimagwira ntchito zaka ziwiri zokha, choncho kulemba msanga kwambiri musanapeze ndalama za sukulu nakonso n'kutaya ndalama. Ife mu bajeti tinaikapo mapaundi 200 a mayesowa, ndipo ndimauza aliyense kuti ngati thumba likulola aike pambali ndalama yolembera kawiri.

Pali tinthu tina ting'onoting'ono timene timabwera nthawi yomweyo, pasipoti ngati mulibe kapena yatsala pang'ono kutha, thiransikiripiti ya ku koleji, thiransipoti yopita ku Lilongwe ndi malo ogona ngati mumakhala ku Mzuzu kapena ku Zomba, chifukwa ulendo wa ku Lilongwe sukhala umodzi. Izi tinaziphatikiza n'kuika mapaundi 100. Palinso kuyezetsa TB. Malawi ali pa mndandanda wa mayiko amene munthu wofuna kukakhala ku UK kupitirira miyezi 6 ayenera kuyezetsa chifuwa chachikulu, ndipo sikuti mupita chipatala chilichonse chimene mumachikonda ayi, ndi chokhacho chimene boma la UK linavomereza, dzina lake mumalipeza pa gov.uk. Satifiketi yake imakhala miyezi 6 yokha ndiye osayezetsa mu Januwale pamene viza mudzafunsira mu Ogasiti. Apa tinaikanso mapaundi 100.

Tsopano fizi. Ya mtsikana wathuyu inali mapaundi 18,000, yunivesite inamuchotsera 3,000 ngati sikolashipi yapang'ono, kutsala 15,000. Yunivesite isanatulutse CAS inafuna dipoziti ya mapaundi 3,000. CAS ndi nambala imene yunivesite imakupatsani yosonyeza kuti yakutengani ndithu ndipo ikukuimirirani pa viza, popanda iyo fomu ya viza simungaimalize. Pa CAS pamalembedwa fizi ya chaka choyamba komanso ndalama imene mwalipira kale, ndipo manambala amenewa ndi amene ogwira ntchito za viza amagwiritsa ntchito, osati zimene munagwirizana ndi ejenti pa foni. Ndiye CAS ikafika iwerengeni ngati mukuwerenga kalata ya malo. Ngati dipoziti munalipira koma sinalembedwepo, kapena sikolashipi ija sikuoneka, auzeni akonze musanatumize fomu, apo ayi mukhoza kudzafunika kuonetsa ndalama zambiri kuposa zimene mwakonzekera. Funsaninso kuti dipozitiyo imabwezedwa pa zifukwa ziti, chifukwa mayunivesite ambiri amabweza viza ikakanidwa koma amakhala ndi malamulo awo, ndipo munthu akangosintha maganizo yekha nthawi zambiri sabweza.

Viza yeniyeniyo kuyambira Epulo 2025 inali mapaundi 524, m'mbuyomo inali 490, ndipo mitengo imeneyi imakwera pafupipafupi ndiye tsiku lolipira yang'ananinso. Koma chimene chimadzidzimutsa anthu si viza, ndi IHS, ndalama ya zaumoyo imene mumalipiriratu kuti mukathe kugwiritsa ntchito zipatala za boma za kumeneko. Kwa ophunzira ndi mapaundi 776 pa chaka kuyambira Febuluwale 2024. Ndiye munthu amati sukulu yanga ndi ya chaka chimodzi, 776 basi, n'kulemba mu bajeti. Ayi. IHS saiwerengera pa kutalika kwa sukulu, amaiwerengera pa kutalika kwa viza, ndipo viza ya kosi ya miyezi 12 imakhala ndi miyezi 4 yowonjezera kumapeto komanso mpaka mwezi umodzi kumayambiriro, ndiye imafika miyezi 16 kapena 17. Miyezi yapamwambayo, poti sinapitirire 6, amakulipiritsani theka la chaka, mapaundi 388. Kuphatikiza ndi 1,164. Ndalama imeneyi imalipidwa yonse nthawi imodzi pa intaneti pamodzi ndi ya viza, palibe zolipira pang'onopang'ono. Ndiye tsiku lotumiza fomu kwa ife pankafunika khadi yotha kutulutsa mapaundi 1,688 kupita kunja tsiku lomwelo, ndipo aliyense amene anayesapo kulipira kanthu kunja ndi khadi ya banki ya kuno m'zaka zimenezi akudziwa kuti makhadi athu ali ndi malire ochepa kwambiri pa ndalama zakunja. Ife tinapangana ndi wachibale amene ali kunja kuti alipire ndi khadi yake, ndipo tinapangana naye mwezi wathunthu tsikulo lisanafike. Palibe lamulo loti viza ilipidwe ndi khadi ya mwini wake.

Viza ikakanidwa, IHS amabweza koma 524 ija sabweza, ndipo CAS imene yagwiritsidwa ntchito kamodzi siigwiranso, muyenera kupempha ina ku yunivesite, yomwenso ikhoza kukana.

Tiketi ya ndege tinaikapo mapaundi 800 ya ulendo wopita wokha. Kuchokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre kulibe ndege yolunjika ku London, mumadzera ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg, ndipo kumapeto kwa Ogasiti ndi mu Sepitembala mitengo imakwera poti ophunzira a mayiko onse amakhala akupita nthawi imodzi. Poyerekeza mitengo yang'anani katundu amene tiketiyo ikulola, chifukwa tiketi yooneka yotchipa yokhala ndi chikwama chimodzi imatha kudula kuposa inzake mukawonjezera chachiwiri, ndipo munthu wopita chaka chathunthu sapita ndi chikwama chimodzi.

Tikaphatikiza ndalama zonse zopita osabwerera, mayeso 200, tinthu ting'onoting'ono tija 100, TB 100, viza 524, IHS 1,164 ndi ndege 800, zikukwana mapaundi 2,888. Kuwonjezerapo dipoziti ya 3,000 ndi 5,888. Pa reti ya ku banki ya nthawi imeneyo, imene ife tinkawerengera K2,350 pa paundi, ndi pafupifupi K13.8 miliyoni. Ndalama yonseyi imatuluka mwana asanaponde m'kalasi, ndipo mbali yaikulu imatuluka asanadziwe n'komwe ngati viza aipeza.

Koma nkhani yaikulu ili pa mulu wachiwiri, umboni woti muli ndi ndalama. Boma la UK limafuna muonetse zinthu ziwiri zophatikiza, fizi ya chaka choyamba imene yatsala malinga ndi CAS, ndi ndalama yodyera ndi kulipira nyumba kwa miyezi 9. Pamene ife tinkafunsira, ya kunja kwa London inali mapaundi 1,136 pa mwezi, ya mu London 1,483. Kuyambira 11 Novembala 2025 zinakwera kufika 1,171 ndi 1,529, ndiye amene akuwerenga pano agwiritse ntchito manambala a nthawi yawo. Kwa ife zinali chonchi, fizi yotsala 12,000, kuwonjezera 1,136 kuchulukitsa ka 9 komwe ndi 10,224, zonse pamodzi mapaundi 22,224. Mu kwacha ndi K52.2 miliyoni. Akanasankha sukulu ya mu London pakanafunika mapaundi ena 3,123 pamwamba, ndipo ichi chokha n'chimene chinatipangitsa kusiya yunivesite ina imene iye ankaikonda kwambiri.

Ndalama imeneyi iyenera kukhala mu akaunti masiku 28 otsatizana, ndipo pa masiku onsewo isatsike olo ndi tambala pansi pa nambala yofunikayo. Sayang'ana kuti tsiku lomaliza munali zingati kapena kuti pa avereji munali zingati, amayang'ana tsiku limene balansi inali yotsikitsitsa. Kenako tsiku lomaliza la pa sitetimenti lisapitirire masiku 31 kufika tsiku lotumiza fomu, ndipo tsiku lotumiza fomu ndi tsiku limene mwalipira pa intaneti, osati tsiku lokadinda zala. Ndipereke chitsanzo cha makalendala enieni. Ndalama yakwana mu akaunti pa 1 Julayi, masiku 28 akutha pa 28 Julayi, sitetimenti ikutsekera tsiku limenelo, ndiye muli ndi mpaka 28 Ogasiti kuti mutumize fomu. Tsopano tinene kuti pa 20 Julayi mayi atapapo K300,000 ya maliro kumudzi n'kuibwezera mawa lake, kapena banki yadula ndalama yake ya pamwezi pamene inu munaika ndalama yongokwanira ndendende. Masiku aja afufutika onse. Mukuyambiranso pa 21 Julayi, kukafika 17 Ogasiti, ndipo poti yankho la viza limatenga pafupifupi masabata atatu mukukamba za 7 Sepitembala, sukulu ikutsegulira pakati pa mwezi womwewo ndipo tiketi simunagule. Choipa kwambiri n'choti ambiri sazindikira kuti balansi inatsika, amatumiza fomu choncho n'kukanidwa. Njira yodziwira ndi yosavuta, tengani sitetimenti ndi cholembera, tsikani mzere wa balansi tsiku ndi tsiku, pezani nambala yaing'ono kwambiri, imeneyo ndiye ndalama imene muli nayo pamaso pa anthu a viza.

Apa ndi pomwe milu iwiri ija imagundana. Banja lasonkha K55 miliyoni, laika mu akaunti, likuti zakwana poti umboni ukufuna 52.2. Kenako nthawi ya TB yakwana atapamo, dipoziti ya nyumba yafunika atapamo, wachibale wolipira viza uja akufuna abwezeredwe kwacha yake atapamonso, ndipo akaunti yatsika. Ife tinatsegula akaunti ina yapadera imene khadi yake inatsekeredwa mu kabati, ndipo zolipira zonse zinkachokera kwina. Chiwerengero chenicheni cha banja lathu sichinali 52.2 ayi, chinali 52.2 kuphatikiza 13.8, kupitirira pang'ono K66 miliyoni, komwe ndi mapaundi 28,112. Nambala imeneyi ndi imene inayenera kulembedwa pamwamba pa pepala tsiku loyamba banja litakhala pansi.

Nkhani ya akaunti ya ndani inandikhudza ineyo mwini. Kwathu malume ndi mwini mbumba, mwana wa mlongo wako akafuna sukulu ndi iweyo woyamba kufunsidwa, ndipo mbali ina ya ndalamazi inachokera kwa ine. Koma malamulo a viza ya ophunzira sadziwa malume. Ndalama iyenera kukhala mu akaunti ya wophunzirayo, kapena ya kholo lake, kapena ya munthu amene khoti linamupatsa udindo wolera mwanayo mwalamulo. Azakhali, achimwene, abusa, abwana a ku ntchito, onsewa akaunti zawo siziwerengedwa ngakhale atalemba kalata yabwino bwanji yolonjeza kuti adzalipira. Mukagwiritsa ntchito akaunti ya kholo pamafunika satifiketi ya kubadwa yosonyeza mayina a makolo ndi kalata ya khololo yovomereza kuti ndalamayo ndi ya sukulu ya mwanayo. Apa anthu athu ambiri amakodwa, chifukwa ambiri a msinkhu wa masitazi anabadwa nthawi imene satifiketi za kubadwa sizinkatengedwa, ndipo ena dzina la mayi pa satifiketi ndi la kwawo pamene ku banki analembetsa la amuna awo. Ngati zili choncho chapafupi ndi kusamutsira ndalama zonse mu akaunti ya mwanayo tsiku loyamba la masiku 28 lisanafike. Ndi zimene tinachita ife, ine ndinatumiza gawo langa, mayi ake anatumiza la malo amene anagulitsa, ndipo tinasunga mapepala onse osonyeza kumene ndalama iliyonse inachokera, chifukwa nthawi zina amaitana wophunzira kumufunsa mafunso ndipo limodzi mwa mafunsowo ndi loti akukulipirirani ndani, ndalamazo anazipeza bwanji.

Chimene chimawerengedwa ndi ndalama yeniyeni imene mungatape nthawi iliyonse mu banki yovomerezeka. Nyumba, galimoto, munda wa fodya, masheya, penshoni, ovadirafuti, zonsezi ayi. Ndalama ya ku banki mkhonde kapena ya chipereganyu nayonso siioneka kwa iwo mpaka italowa mu akaunti ya banki n'kukhala masiku ake. Sitetimenti ikhale ndi dzina la mwini akaunti, nambala ya akaunti, dzina la banki ndi madeti, ndipo dziwani kuti akhoza kufunsa ku bankiko kuti atsimikize.

Tsopano nkhani ya reti, imene kwa ife Amalawi ndiye yovuta kuposa zonse. Akaunti ya kwacha imaloledwa, simukakamizidwa kukhala ndi mapaundi. Anthu a viza amasintha kwacha yanu kupita ku mapaundi pogwiritsa ntchito reti ya pa OANDA, webusaiti yoonetsa mitengo yosinthira ndalama, ya tsiku lotumiza fomu, ndipo reti imeneyo imatsatira ya ku banki osati ya pa bulaki. Pa pepala izi zimatikomera, K52.2 miliyoni ikuoneka ngati mapaundi 22,224. Koma pali mavuto awiri. Loyamba ndi loti reti imene imagwira ntchito ndi ya tsiku lotumiza fomulo osati ya tsiku limene munaika ndalama. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, dola inachoka pa K1,180 kufika K1,700. Munthu amene anali ndi K30 miliyoni anagona ali ndi madola opitirira 25,000 n'kudzuka ali ndi ochepera 18,000, sitetimenti yake ili yomweyo sinasinthe olo nambala imodzi. Kugwa kwakukulu ngati kumeneko palibe amene angakonzekere mokwanira, koma paundi imasunthasunthanso yokha tsiku ndi tsiku, ndiye kuika ndalama yongokwanira ndendende n'kudziika pa mpeni. Ife tinaika K55 miliyoni m'malo mwa 52.2, ndipo m'mawa wa tsiku lotumiza fomu tinalowa pa OANDA kuwerengeranso ndi balansi yotsikitsitsa ija tisanadine kalikonse.

Vuto lachiwiri ndi lalikulu, ndipo silioneka pa fomu iliyonse. Kuonetsa kwacha ndi chinthu china, kuisandutsa mapaundi enieni oti yunivesite ilandire ndi chinanso. Ku banki mumapereka invoyisi ya sukulu ndi kalata yokutengani n'kulowa pa mzere wa ndalama zakunja, ndipo m'zaka zimenezi mzerewo umatha kutenga masabata kapena miyezi, nthawi zina amakupatsani gawo lochepa chabe la zimene mwapempha. Pa bulaki m'chaka cha 2025 dola imagulidwa kupitirira kawiri mtengo wa ku banki, kupatula kuti njira imeneyo ndi yosaloledwa ndipo anthu amaberedwa nayo. Tanthauzo lake ndi loti banja likhoza kupambana viza bwinobwino ndi K55 miliyoni, mwana n'kukwera ndege, kenako fizi yotsala ija ya 12,000 ikufunika pa madeti ake ndipo kwacha ili mu akaunti koma siikutuluka m'dziko. Yunivesite siimva zoti ku Malawi kulibe foreksi, imatseka akaunti ya wophunzira ya pa intaneti, ndipo zikapitirira imatha kumuchotsa n'kudziwitsa boma, viza n'kudulidwa. Choncho musanalipire dipoziti khalani pansi ndi a ku banki kwanu muwafunse mosabisa kuti fizi ya kunja ikutenga nthawi yaitali bwanji, funsaninso yunivesite ngati imalola kulipira m'magawo ndi madeti ake. Ndipo ngati mwakwanitsa kutumiza ndalama ina ku yunivesite CAS isanatuluke kapena fomu isanatumizidwe, tumizani, chifukwa paundi iliyonse ya fizi yolembedwa pa CAS kuti yalipidwa imachotsedwa pa ndalama yoti muonetse, komanso imakhala yatuluka kale m'mavuto a kwacha.

Ndikudziwa kuti pali anthu amene amabwereketsa ndalama yongoonetsa, amaika mu akaunti yanu masiku 28 n'kudzaitenga ndi chiwongoladzanja cha katapila, ndipo palinso ena amene amati akupangirani sitetimenti. Za sitetimenti yabodza sindikufuna n'komwe kutaya mawu ambiri, akakugwirani amakukanani ndipo mukhoza kuletsedwa kulowa m'dzikomo zaka 10. Koma yobwereka ija imakopa anthu abwinobwino, poganiza kuti mwana akafika akagwira ntchito n'kudzilipirira. Tiyeni tiwerengere. Wophunzira wa digiri amaloledwa kugwira ntchito maola 20 pa sabata nthawi ya sukulu. Malipiro otsikitsitsa kwa munthu wa zaka 21 kupita m'mwamba kuyambira Epulo 2025 anali mapaundi 12.21 pa ola. Ndi mapaundi 244 pa sabata, pafupifupi 1,058 pa mwezi, ndipo apo ndiye kuti ntchito waipeza sabata yoyamba ndipo akumupatsa maola onse 20 sabata iliyonse, zomwe sizichitika kawirikawiri. Ndalama imeneyo siikufika ngakhale pa 1,136 imene boma lomwelo linkati nthawi imeneyo ndi yongodyera ndi kulipira nyumba. Nanga fizi ya 12,000 ichokera kuti? Ana amene amapita motere ndi amene amayamba kupitirira maola ololedwa, kujomba m'kalasi, kugona pa mpando kwa anzawo, ndipo kuno makolo akuvutika ndi wakatapila. Zimandipweteka chifukwa ambiri mwa iwo ndi ana anzeru amene akanadikira chaka chimodzi akanapeza njira yabwino.

Ndipo 10,224 ija musaitenge ngati ndi mtengo weniweni wa moyo wa kumeneko. Ndi ya miyezi 9 pamene masitazi ndi miyezi 12, miyezi itatu yolemba disetesheni nayonso munthu amadya ndi kulipira lendi. Mwezi woyamba ndiye wolemera kwambiri, pali dipoziti ya nyumba imene ku England imatha kufika lendi ya masabata asanu, pali lendi yoyamba, jekete ya nyengo yozizira, zofunda, mapoto, basi kapena sitima yochokera ku bwalo la ndege. Eni nyumba ambiri amafunanso munthu wa komweko wokuimirira, ndipo wopanda munthu wotero amavutika kupeza malo kunja kwa nyumba za yunivesite. Mtsikana wathu tinamutengera chipinda cha yunivesite ngakhale chinali chodulirapo, chifukwa cha chimenechi.

Amene muli pa banja dziwaninso kuti kuyambira Januwale 2024 wophunzira masitazi ya m'kalasi saloledwa kutenga mkazi, mwamuna kapena ana pa viza yake, kupatula ochita maphunziro a kafukufuku monga PhD ndi amene akulipiriridwa ndi boma. Ndiye bajeti yanu ikhale ndi nyumba ziwiri, ya uko ndi ya kuno.

Kwa amene akuthamangira sikolashipi yathunthu monga Chevening, Commonwealth kapena ya Beit Trust imene imathandiza ophunzira a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, chithunzi chimasintha kwambiri. Kalata ya okulipirirani ovomerezeka imalowa m'malo mwa sitetimenti ngati ikunena kuti akulipira fizi yonse ndi ndalama yodyera, ndipo a Chevening ndi Commonwealth salipira IHS. Koma mayeso a Chingelezi, pasipoti, thiransikiripiti ndi maulendo a ku Lilongwe zimakhalabe zanu, ndipo zimafunika musanadziwe ngati mwasankhidwa. Chenjerani ndi sikolashipi ya theka. Kalata ikati tikulipirirani fizi yonse koma osatchula za kudya, ndalama yodyera ya miyezi 9 ija muyenera kuionetsabe nokha masiku 28 omwe aja, komanso kulipira nokha viza, IHS ndi ndege.

Ndondomeko ya kalipiridwe imene ine ndimalangiza ikuchokera pa funso limodzi, kuti ndalama iyi ikapita ndipo zinthu zikakanika ibwerera kapena ayi. Poyamba funsani za umboni wa Chingelezi n'kulemba mayeso ngati akufunika. Dipoziti musalipire mpaka mutaona ndi maso kumene mulu wachiwiri uchokere komanso mmene utulukire m'dziko. Masiku 28 ayambe msanga, mu Juni ngati n'kotheka, poti fomu imaloledwa kutumizidwa kuyambira miyezi 6 sukulu isanayambe bola CAS ilipo, ndipo kuyamba msanga kumakupatsani mpata woyambiranso ngati balansi yatsika. TB iyezedwe masiku 28 ali mkati. Tiketi ya ndege ndiye yomaliza, viza itatuluka, olo mtengo utakwerako, ndipo ngati mwaona kuti simungadikire gulani imene imalola kusintha deti ndipo mufunsiretu kuti kusinthako ndi ndalama zingati.